Konsolo ikakana kuyaka, tsatirani moto kuchokera pakhoma

"Achimwene, gemu yapsa."

Anatero mphwanga pafoni, mawu ali ozizira ngati a munthu woberedwa. Usiku wa dzulo lake magetsi anaphethiraphethira kenako n'kuthima, ndipo atabwera, PlayStation 4 yake sinayakenso. Pomwe amandiimbira n'kuti atayamba kale kufunsa komwe angapeze pawa sapulayi yatsopano, chigawo cha m'kati chimene chimalandira moto wapakhoma n'kuupereka ku konsolo, ndipo mnzake wina anali atamubwereka sikuludiraiva yoti atsegulire. Ndinamuuza kuti aike sikuludiraivayo pansi mpaka ine nditafika.

Sikuti ndinkadziwa vuto lake. Kungoti moto usanafike mu konsolo umadutsa pa soketi yapakhoma, pa ekisitenshoni, pa pulagi, pa fyuzi ya m'pulagimo ngati ilimo, ndi m'chingwe. Konsolo ili kumapeto kwa mzere wonsewu. Ndiyo yodula kuposa zonse, ndiyonso yovuta kuiyeza, pomwe zinazo mutha kuziyesa muli chiimire. Komabe anthu ambiri amathamangira kuikayikira poyamba, chifukwa ndi imene akuiona itangoti zii.

Funso langa loyamba nditafika linali lakuti, "Ukadina batani, chimachitika n'chiyani?" Mawu oti "sikuyaka" amabisa matenda atatu osiyana. Pali konsolo imene imayaka bwinobwino, fani n'kumazungulira, kagetsi n'kumawala, koma TV osaonetsa chithunzi. Imeneyo moto ili nawo, vuto lili ku chingwe cha chithunzi cha HDMI kapena ku TV, ndipo si nkhani yathu ya lero. Pali ina imene imalira kamodzi, kagetsi kabuluu n'kuwala pang'ono, kenako n'kuthima yokha. Imeneyo moto ukufika, koma ukukanika kukhazikika, kapena m'katimo muli chimene chikuukana. Yachitatu ndi imene siilira, siiwala, ndipo ngakhale mudine batani lotulutsira disiki siiyankha. Ya mphwanga inali yachitatuyi. Kunena zoona, ine ndikamva kuti konsolo yangoti zii mtima umakhalako pansi, chifukwa konsolo yosalandira moto n'komwe ndi konsolo yopseratu zimaoneka chimodzimodzi, ndipo yoyambayo mankhwala ake ndi apafupi.

Tinayamba ndi chinthu chosafuna chida chilichonse: kuzula chingwe kukhoma ndi kukonsolo komwe, n'kudikira. Pawa sapulayi ya m'konsolo ili ndi chitetezo chakechake. Ikaona moto wakwera mwadzidzidzi kapena wagwa, imadzitsekera, ndipo ina siitsegukanso pokhapokha moto wotsalira m'makapasita ake, tizigawo tosunga moto, utatheratu. Microsoft imalangiza masekondi 10 pa Xbox, Nintendo masekondi 30 pa chaja ya Switch. Ine ndimadikira mphindi ziwiri kapena zitatu, ndikudina batani loyatsira kangapo chingwe chili chozula kuti moto wotsalawo uphwe. Makonsolo ambiri ndithu amadzuka ndi zokhazi. Koma muonetsetse kuti mwazuladi, osati kungothimitsa ndi padi, chifukwa konsolo yolumikizidwa kukhoma m'kati mwake mumakhalabe moto ngakhale ikuoneka yogona.

Ya mphwanga sinadzuke. Tinapita ku chingwe.

PlayStation 4 yoyamba ndi yopyapyala ija, PlayStation 5, Xbox One S ndi Xbox Series zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito chingwe chamabowo awiri ooneka ngati nambala 8. Dzina lake m'mabuku ndi C7, ndipo ndi chomwecho chimene chimapezeka pa mawailesi ambiri, ma TV ena ndi masipika. M'kati mwake mulibe nzeru ina iliyonse, ndi mawaya awiri basi. Ubwino wake ndi wakuti m'nyumba zambiri chilimo china choyesera. Chimaonongekera malo awiri odziwika: pamene chimatulukira m'pulagi ndi pakhosi pa mutu wolowa m'konsolo, poti m'pamene chimapindika tsiku ndi tsiku. Mawaya a m'kati amaduka mmodzimmodzi pulasitiki yakunja ili yosalala ngati yatsopano. Chizindikiro chake ndi konsolo yothima wina akangogunda tebulo. Chinanso ndi mutu wolowa mopepera: mukaulowetsa uyenera kugwira molimba mpaka kumapeto, ndipo ukamagwedera, tizitsulo ta m'mabowomo tatanuka kapena tapsa. Yang'anani m'mabowomo ndi tochi. Kuda, kusungunuka kapena fungo la pulasitiki yopserera ndi umboni wokwanira woti chingwecho chitayidwe.

Ngati pulagi yanu ndi ya mano atatu amakona, ili ndi fyuzi m'kati. Pa chingwe cha konsolo nthawi zambiri imakhala ya maampu 3, ina ya 5, ndipo nambalayo imalembedwa pafyuzipo. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Fyuziyo ntchito yake ndi kuteteza chingwe, chimene mutu wake unapangidwira maampu 2.5 okha, ndiye kuikapo ya 13 chifukwa choti ndi imene ili pafupi n'kuchotsa mlonda pakhomo. Zokulunga kawaya kapena kapepala konyezimira pamalo a fyuzi, zimenezo ndiye n'kuitana moto m'nyumba. Ndipo fyuzi yatsopano ikangopsa mutangolumikiza konsolo, lekerani pomwepo. Fyuzi siipsa kawiri popanda chifukwa, ndipo chifukwacho chimakhala waya wogundana m'chingwe kapena chinthu chimene chapserera m'pawa sapulayi.

Amene ali ndi malitimita, mita yoyezera magetsi, atha kuyeza chingwe chitazulidwa mbali zonse ziwiri. Ikani pamene pali chizindikiro cha mawu, pamene mita imalira mukagunditsa mapini ake awiri. Pini imodzi igwire dzino la pulagi, inayo ilowe m'bowo la mutu uja. Dzino lililonse la awiri onyamula moto liyenera kulira ndi bowo limodzi lokha. Likapanda kulira ndi bowo lililonse, waya waduka kapena fyuzi yapsa. Likalira ndi mabowo onse awiri, mawaya agundana. Mita ikulira choncho, pindapindani chingwe chakumapeto konse, mumve ngati kulirako kukudukiza. Dzino lachitatu lalitali lija musavutike nalo, pa chingwe chamtunduwu silinalumikizidwe ku chilichonse, ntchito yake ndi kutsegula zitseko za soketi. Chingwe cha mphwanga chinalira bwinobwino, ndipo titachiika pa wailesi m'chipinda china, wailesiyo inayamba kuyankhula.

Apa mphwanga nkhope inagwa. "Ndiye kuti ndi gemu yomwe, achimwene. Onani ekisitenshoni ikuyaka."

Inkayakadi. Swichi yake yofiira inkawala monga mwa masiku onse, ndipo kagetsi kameneka kanamiza anthu ambiri. Kamangosonyeza kuti moto wafika paswichi. Sikanena kanthu za zimene zili kutsogolo kwa swichiyo, komanso kamadya moto wochepa kwambiri moti kamatha kuwala ngakhale pa waya wongotsala ulusi umodzi. Ndinamufunsa china chimene chinali pa ekisitenshoniyo. Panalibe, TV inali pa soketi yakeyake pakhoma. Tinatenga nyale yapatebulo n'kuilumikiza pabowo lililonse la ekisitenshoni, osayaka ngakhale pamodzi. Tinazula TV, n'kulumikiza konsolo pakhoma mwachindunji. Inalira kamodzi, buluu, kenako kuyera, n'kuyamba kudzifufuza monga imachitira ikathimitsidwa mosayenera. Mphwanga anakuwa mpaka mwana wogona kudzuka.

Akanakonda nkhani ithere pomwepo. Ine chimene chinkandivuta n'chakuti ekisitenshoni yamtundu woteteza siifa chabe, ndipo chimene chinaipha chinali chikadali m'mawaya a nyumbayo.

Ekisitenshoni wamba ndi mabowo ambiri pa chingwe chimodzi, palibe chimene imateteza. Yoteteza imasiyana nayo ndi kachinthu kamodzi kapena tingapo tobulungira, tophwatalala ngati batani lalikulu la jekete, kawirikawiri tabuluu. Dzina lake ndi varisita, ndipo pamapepala amalemba MOV. Imalumikizidwa pakati pa waya wamoto ndi wa nyutulo, womwe ndi wobwezera moto, ndipo ma ekisitenshoni abwinopo amakhala ndi ena opita ku waya wapansi. Moto ukakhala pamlingo wake, varisita imakhala ngati kulibe. Ukadumpha mwadzidzidzi, monga mphezi ikagwa chapatali pamawaya kapena injini yaikulu ikathimitsidwa, varisita imatseguka n'kumeza moto wowonjezerawo, n'kuusandutsa kutentha. Zonsezi zimachitika pa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo kanthawi kochepako ndi kamene varisita inapangidwira.

Nthawi iliyonse imene yameza, imafooka. Nambala ya majulo yolembedwa pakatoni imakupatsani chithunzi cha kuchuluka kwa zimene ingapirire, koma palibe geji yokuuzani zimene zatsala. Ikafooka kwambiri imayamba kudutsitsa moto ngakhale pamene zonse zili bwino, n'kumatentha, n'chifukwa chake opanga amaimata ndi kafyuzi komva kutentha. Kafyuziko kakaduka, zotsatira zake zimatengera mmene ekisitenshoniyo anaipangira. Ina imadula moto ku mabowo onse, monga inachitira ya mphwanga. Ina imangochotsa varisita yokha n'kupitiriza kupereka moto, ndiye imasanduka ekisitenshoni wamba mwini wake osadziwa. Chokuuzani ndi kagetsi kena kakang'ono, kawirikawiri kobiriwira, kolembedwa kuti Protected. Kakathima, chitetezo chatha ngakhale zinthu zikuyaka. Kwa ine yodula moto ndiyo yachilungamo, ngakhale ndi imene imachititsa anthu kuganiza kuti konsolo yafa.

Musanaiweruze kuti yafa, fufuzani kabatani kozungulira kumapeto kapena m'mbali mwake. Ma ekisitenshoni ambiri ali nako, kamatumphuka katundu akachuluka, monga wina akalumikizapo ayironi kapena ketulo, ndipo kamangofuna kudinidwa. Pulagi ya ekisitenshoniyo nayonso itha kukhala ndi fyuzi yake. Palinso imfa yapang'onopang'ono imene imasokoneza kwambiri: tizitsulo ta m'mabowo kapena ta m'swichi tikapsa ndi kutanuka, chaja ya foni imagwira ntchito, mita imawerenga mavoti okwanira, koma konsolo ikangoyamba kukoka moto weniweni imathima. Malitimita siikoka moto woti n'kunena, ndiye imakuonetsani nambala yokongola ngakhale pa malo owola. N'chifukwa chake ine ndimayesa ndi chinthu chodya moto, nyale ya babu lakale lija kapena ayironi kwa masekondi ochepa, khutu lili tcheru kumvetsera kuthetheka.

Ya mphwanga tinaitsegula itazulidwa, poti inali yotayidwa kale. Varisita imodzi inali itang'ambika pakati, mwaye uli mbuu mozungulira, pulasitiki ya pamwamba pake itachita thuza.

Microsoft imalangiza kuti Xbox izilumikizidwa pakhoma mwachindunji, ponena kuti pawa sapulayi yake ili kale ndi chitetezo chotere m'kati. Poyesa vuto, langizoli ndi lolondola kwa konsolo iliyonse: chotsani zonse zapakati, mutsale ndi khoma, chingwe ndi konsolo. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, kumalo kumene magetsi ndi osakhazikika, ine ndimaona mwina. Varisita ya m'konsolo ikapsa, pafunika mmisiri ndi kutsegula. Ya mu ekisitenshoni ikapsa, mumangosintha ekisitenshoni.

Tsopano za moto wapakhomawo. Kumene magetsi ake ndi a mavoti 230, malire ovomerezeka m'mayiko ambiri ndi 10 pa 100 iliyonse kukwera kapena kutsika, kutanthauza kuyambira 207 kufika 253. Anthu ambiri amaopa moto wochepa, akaona mababu afiira amathamangira kuzula konsolo. Kuzulako n'kwabwino, koma chifukwa chake si chimene amaganiza. Pawa sapulayi za m'kati mwa makonsolo ndatchula aja zinapangidwa kuti zizilandira kuyambira mavoti 100 kufika 240, kuti chipangizo chimodzi chizigwira ntchito ku Japan kwa mavoti 100, ku America kwa 120 ndi kumayiko a 230. Moto wapakhoma ukatsika kufika 180, firiji imabuula, koma konsolo siimva kanthu. Imangokoka maampu ambiri kuti ipeze mawati omwewo:

```
P = V × I
200 W ÷ 230 V = 0.87 A
200 W ÷ 180 V = 1.11 A
```

Mawati 200 ndi pafupifupi zimene PlayStation 5 imadya ikamasewera gemu yolemera, ndipo kusiyana kwa maampuko chingwe chabwino sichikumva n'komwe. Choncho wina akakuuzani kuti konsolo yanu yakana kuyaka chifukwa moto uli pa 195, pitirizani kufufuza.

Osiyana ndi makonsolo akale okhala ndi chibokosi chakunja, monga Xbox 360 ndi Xbox One yoyamba ya 2013. Zibokosi zimenezo zinkapangidwa za dera ndi dera, china cha mavoti 100 mpaka 127, china cha 200 kapena 220 mpaka 240. Cha mavoti 120 mukachilumikiza pa 230 chimaphulika nthawi yomweyo, ndipo cha 230 chimathadi kukana moto ukatsika kwambiri. Werengani chikalata chomata pansi pake musanalumikize, makamaka ngati konsoloyo inachokera kunja. Ubwino wake zibokosizi zimayankhula: pa Xbox One kagetsi koyera ndi kuti zonse zili bwino, kaolenji kosaphethira ndi kuti chikudikira, ndipo kakathima kapena kumaphethira, vuto lili kuchibokosi kapena kumoto wochilowa.

Zimene zimapha konsolo ndi zina. Choyamba ndi kudukizaduka, moto kuthima n'kubwera kangapo m'masekondi ochepa. Pawa sapulayi ikamalandira moto koyamba, kapasita yake yaikulu imameza maampu ambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake nthawi zina mumamva kuti tswa mukamalowetsa pulagi. Muli kachinthu kochepetsa kumezako, koma kamagwira bwino ntchito kakakhala kozizira. Moto ukabwera kakadali kotentha, nkhonya yonse imagwera pafyuzi ndi pa zigawo zoyambirira. Kamodzi palibe kanthu. Kakhumi pamphindi imodzi ndi nkhani ina. Kudukizaku kumaononganso mafayilo ngati konsolo inali pakati posunga gemu kapena kuika pulogalamu yatsopano, ndipo imeneyo ndi ija imayaka koma osafika pachithunzi choyamba. Chachiwiri ndi mphezi, imene ikagwa pafupi palibe ekisitenshoni ingaiimitse, ndipo siilowera ku chingwe cha moto chokha: imadutsanso pa waya wa intaneti, kapena pa mlongoti wa TV n'kuwolokera ku konsolo kudzera pa HDMI. Chachitatu ndi moto wokwera umene suchoka msanga, ndipo ndi umene ndinkaukayikira kwa mphwanga.

Masana amenewo soketi yake inawerenga 228, nambala yosadandaulitsa. Koma kuyeza kamodzi masana sikutanthauza kanthu pa vuto limene limabwera usiku. Poyeza, malitimita ikhale pa V~ ndipo pa mlingo wa 600 kapena 750, pini yakuda pa COM, yofiira pabowo la V. Isakhale pabowo lolembedwa 10A, chifukwa pamenepo mita imasanduka waya wogunditsa moto, ndipo imaphulikira m'manja. Zala zikhale kumbuyo kwa tizitsulo, manja ouma. Amene sanazolowere, bola kagetsi koyezera kongolowetsa pasoketi, kamene kamaonetsa nambala nthawi zonse. Ndi kamene ndinamusiyira mphwanga, n'kumuuza kuti azilemba nambala pa ola lililonse kukayamba kuda, ndipo konsolo ikhale yozula.

Cha m'ma 6 koloko madzulo ananditumizira 241. Itakwana 7 anatumiza 262, kenako patangopita mphindi zochepa 197, kenako 270. Anawonjezera kuti babu la pabalaza likumawala modabwitsa n'kubwereranso. Ndinamuuza afunse anansi ake. Nyumba ina inati kwawo mababu akuchita kufiira nthawi yomweyo imene kwa mphwanga akuwala.

Kukwera kuno, kutsika uko, pa nthawi imodzi: chimenecho ndi chizindikiro cha nyutulo yomasuka. Thiransifoma imatulutsa mawaya atatu amoto ndi nyutulo imodzi. Pakati pa waya wamoto uliwonse ndi nyutulo pali mavoti 230, koma pakati pa mawaya awiri amoto pali 400. Nyumba zimagawidwa pa mawaya atatuwo, zonse n'kumabwezera pa nyutulo imodzi ija, ndipo nyutuloyo ndi imene imagwira nyumba iliyonse kuti ikhale pa 230. Ikamasuka penapake kapena kuduka, nyumba za pa mawaya osiyana zimayamba kugawana mavoti 400 aja ngati ana awiri pa thabwa lotsikatsika: kumene kwayatsidwa zinthu zolemera moto umagwa, kumene kwayatsidwa zochepa umakwera, ndipo utha kupitirira 300 n'kuyandikira 400. Masana anthu akakhala kulibe, katundu amakhala wochepa ndipo vuto limabisala. Madzulo zophikira ndi zotenthetsera madzi zikayatsidwa, limatulukira.

Varisita za mu ekisitenshoni ya magetsi a 230 kawirikawiri zimapangidwa kuti zipirire mpaka mavoti 275 osalekeza. Nambala zimene mphwanga analemba zinali zikungokhudza malire amenewo, ndiye usiku umene inafa uja moto uyenera kuti unapitirira pamenepo n'kukhalitsa. Varisita inapangidwira kumeza kulumpha kwa kanthawi. Ikapatsidwa moto wokwera kwa masekondi ambiri imangopsa. Mwayi wa mphwanga unali wakuti ekisitenshoni yake inali yamtundu wodula moto. Ikanakhala yamtundu winawo, nkhonyayo ikanapitirira kukagwera pa konsolo, imene kapasita yake yaikulu imakhala kale pafupi ndi malire ake ngakhale pa tsiku labwino. TV inapulumuka chifukwa bambo wa m'nyumbamo anaithimitsa paswichi yapakhoma mababu atangoyamba misala.

Vuto lotere si la kukonza nokha, ndiponso si la kugulira chida n'kukhala chete, chifukwa limawotcha nyumba. Thimitsani swichi yaikulu, itanani mmisiri wa zamagetsi aone ngati kumasukako kuli pabokosi la m'nyumba mwanu, ndipo ngati anansi akudandaula zomwezo, uzani kampani yogawa magetsi. Kwa mphwanga anakapeza cholumikizira cha nyutulo chitadyeka ndi dzimbiri kunja, chikungogwira mwa apo ndi apo. Nyutulo kapena waya wamoto ukamasuka m'nyumba mwanu mokha, chizindikiro chimakhala chosiyana: moto sukwera, umangogwa mukayatsa chinthu cholemera, ndipo soketi kapena swichi ina imatentha mukaikhudza.

Atakonza, mphwanga anafunsa choti agule. Yankho limatengera nambala zimene mwalemba, osati zimene wogulitsa wanena. Pa moto wokwera wokhalitsa ndi pa kudukizaduka, chothandiza ndi gadi, kachipangizo kolowetsa pasoketi kofanana ndi kamene anthu amaika pafiriji. Kamayeza moto, ukatuluka m'malire kamadula, ndipo ukabwerera kamadikira kaye kasanalumikize, ndiye nkhonya zotsatizana zija sizifika. Sitebilaiza imakweza moto wotsika ndi kutsitsa wokwera, koma poti konsolo yamakono moto wotsika siiuopa, phindu lake kwa iyo ndi lochepa kuposa mmene anthu amaganizira. UPS, bokosi la batire lopitiriza kupereka moto magetsi akathima, ndi imene imateteza mafayilo, pokupatsani mphindi zingapo zoti musunge gemu ndi kuthimitsa mwaulemu. Pogula UPS werengani mawati, osati nambala yaikulu ya VA yapakatoni: yolembedwa 600 VA kawirikawiri imapereka mawati cha m'ma 360, ndipo PlayStation 5 pamodzi ndi TV yaikulu zimayandikira pamenepo. Dziwaninso kuti ma UPS otchipa ndi mainveta ena amatulutsa moto wamasitepe m'malo mwa wosalala, ndipo pawa sapulayi zina zamakono zimalira nawo kapena kuthima pa nthawi yomwe UPS ikulanda ntchito. Zolembedwa pure sine wave zilibe vuto limenelo. Mphwanga anagula gadi ndi ekisitenshoni ina yoteteza, gadi pakhoma, ekisitenshoni pagadi. Za mphezi ndinamuuza kuti mankhwala ake ndi dzanja: kuzula chingwe cha moto, cha intaneti ndi cha mlongoti mabingu akayamba.

Nanga konsolo ikanakana ngakhale pakhoma? Ngati soketi yayatsa nyale, chingwe china chodziwika kuti n'chabwino chayesedwa, mwazula n'kudikira, mwachotsa zonse za pa USB ndi HDMI, n'kudina batani la pakonsolo pomwe osati la papadi, koma ili zii, ndiye kuti vuto lalowadi m'kati. Nunkhizani potulukira mpweya. Fungo la kupserera limakhalitsa masiku. Pa PlayStation 4 yang'ananinso ndowe za mphemvu m'timabowo, chifukwa zimakonda kufunda kwa pawa sapulayi yake, ndipo imodzi ikagona pamalo olakwika imagunditsa moto. Yolira kamodzi n'kuthima ija itha kukhala pawa sapulayi yofooka imene ikulephera kukweza mavoti 12 amene bodi yaikulu ya konsolo imafuna, kapena bodi yomwe ili ndi pogundana, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumafuna woyeza m'kati.

Pamenepo sikuludiraiva ija isabwerebe m'manja mwa munthu wosadziwa. Moto wa 230 ukawongoledwa umafika mavoti 325, ndipo m'pawa sapulayi zamakono umakwezedwanso kufika pafupi ndi 400 n'kusungidwa m'kapasita yaikulu ija, imene imatha kuusunga chingwe chitazulidwa kale. Ngati konsolo ikadali pa waranti, kuitsegula kumangokuvutitsani pokaibweza. Ngati waranti inatha, pitani nayo kwa mmisiri pamodzi ndi chingwe chake, ndipo mumuuze zonse zimene mwayesa, nambala za mavoti zimene munalemba, komanso ngati fyuzi ya m'pulagi inapsa. Mmisiri akamva kuti moto unakwera usiku umenewo amayambira pa fyuzi, varisita ndi kapasita za kumbali yolowera moto, ndipo zikakhala kuti n'zokhazo zapsa, bodi yaikulu ndi magemu anu onse zimakhala zili bwino.